Kalulu ndi chitsime: kumanga phunziro la nthano pakhomo panu

Mukamufotokozera nthano mwana wa Sitandade 7 kapena 8, kenako n'kumufunsa kuti waphunzirapo chiyani, yankho silichedwa. "Tizimvera makolo." "Kuba n'koipa." "Tisamachite ulesi." Mayankho amenewa si abodza, koma amakwanira pa nthano iliyonse, ndipo mwana angathe kuwanena ngakhale anali kusinza pamene nthano inkanenedwa. Vuto silikhala mwanayo. Funso limene talifunsa poyamba ndi lija loyenera kubwera pomalizira, mwana atadutsa kale m'mafunso ena omutsegulira njira. Tikalifunsa msanga, iye amatola yankho limene akudziwa kuti akuluakulu amalikonda, n'kutipatsa.

Kuno kwa Mphuka makolo ambiri amalawirira m'mamawa kukathyola tiyi ku esiteti, ndipo nyengo ya dzinja, pamene masamba achuluka, amabwerako atatheratu. Mabuku a nkhani sapezeka m'nyumba iliyonse. Kusukulu nako, chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi amadzaza kotero kuti mphunzitsi sangathe kudikira mwana aliyense kuti alongosole maganizo ake. Koma pafupifupi khomo lililonse lili ndi munthu wodziwa nthano, kaya ndi anganga, kaya amalume, kaya inu nomwe. Phunziro limene ndikulongosola pano lifuna nthano imodzi, theka la ola mutatha kudya nsima yamadzulo, ndi kukonzekera pang'ono kumene mungachite m'mutu muli panjira yochokera kumunda.

Kukonzekerako n'kumene kuli ntchito yeniyeni. Musanaitane ana, khalani mutadziwa mfundo yaikulu ya nthanoyo, chifukwa mafunso onse adzachokera pamenepo.

Titenge nthano yodziwika ya Kalulu ndi chitsime. Kunagwa chilala, nyama zonse n'kupangana zokumba chitsime. Kalulu anakana, nati iye ali ndi madzi ake. Zinazo zinakumba mpaka madzi anatuluka, ndipo podziwa khalidwe la Kalulu zinaika mlonda. Woyamba kulondera anali Fisi. Kalulu anabwera ndi uchi m'chikho, namulawitsa pang'ono, kenako n'kumuuza kuti uchi umenewu amadya ndi okhawo amene amangidwa miyendo. Fisi analola. Kalulu anamumanga, natunga madzi, nasamba, navundula chitsime chonse. Tsiku lotsatira analondera Mkango, ndipo naye anagwa mu msampha womwewo. Kamba atadzipereka, nyama zinamuseka. Iye anadzipaka ulimbo pamsana n'kukhala phee m'mphepete mwa madzi ngati mwala. Kalulu anapondapo, nakanirira, ndipo Kamba anamunyamula mpaka pabwalo. Mathero ake amasiyana malinga ndi wonena: ena amati Kalulu analangidwa, ena amati anawapusitsanso oweruza n'kuthawa. Nenani monga munaimvera kwanu.

Munthu akafunsidwa kuti nthano imeneyi ikukamba za chiyani, amati "ulesi" kapena "kuchenjera." Mawu amodzi otere sangamange phunziro. Mfundo yaikulu iyenera kukhala chiganizo chathunthu, chonena kanthu kamene munthu wina angathe kukatsutsa. Ndipo ili ndi muyeso wake: pezani malo atatu m'nthanomo amene akuichirikiza. Yesani ndi "ulesi ndi woipa." Kalulu anakana kukumba, amenewo ndi malo amodzi. Nanga achiwiri? Kaluluyo anamwa madzi, anasamba, ndipo m'kanenedwe kambiri anapulumuka. Nthano yomwe ikufuna kutionetsa kuipa kwa ulesi sikanamusiya waulesi akukondwa chonchi. Ndiye kuti mfundoyo yaterera, ndipo mukamangapo mafunso adzakutherani pa funso lachitatu.

Tsono yang'anani kumene nthanoyo ikuchedwa, ndi chimene ikubwereza. Kukumba kumanenedwa mwachidule. Chimene chimabwerezedwa, kawiri kapena katatu, ndi mlonda, uchi ndi chingwe. Wonena nthano sabwereza chinthu pachabe. Pamenepo mfundo ikuoneka: chinthu cha anthu onse chimaonongeka pamene woikidwa kuchisunga alola kugulidwa ndi kokoma kochepa. Malo atatu alipo. Fisi analola kumangidwa chifukwa cha uchi. Mkango, ndi mphamvu zake zonse, anachita chimodzimodzi. Kamba, wopanda liwiro ndi mano, anapambana chifukwa sanalowe m'zokambirana ndi Kalulu. Ine ndimakonda mfundo imeneyi koposa ya ulesi chifukwa imachotsa maso pa wakuba, amene aliyense amamuona, n'kuwaika pa mlonda, amene timamuiwala.

Mfundoyo mukaipeza, isungeni mumtima. Musainene kwa ana, poyamba ngakhale pakati. Ntchito ya mafunso anu ndiyo kuwafikitsa pamenepo ndi miyendo yawo. Kwa Mphuka palibe amene amakwera mtunda molunjika atasenza mtolo wa nkhuni. Amapita chokhotakhota, akupuma pamalo odziwika, ndipo mafunso ayenera kukwera chomwecho. Akatswiri a maphunziro analemba za zimenezi kalekale. Mu 1956 Benjamin Bloom wa ku Amereka ndi anzake anasanja luso la kuganiza m'magawo asanu ndi limodzi, kuyambira pa kukumbukira mpaka pa kuweruza, ndipo aphunzitsi amaphunzira zimenezi ku koleji. Pakhomo magawo anayi akwanira, ndi mafunso osapitirira khumi.

Yambani ndi mafunso amene yankho lake lili poyera m'nthanomo. Chinachititsa nyama kukumba chitsime n'chiyani? Kalulu ananena chiyani pokana? Analondera woyamba ndani, ndipo Kalulu anabwera ndi chiyani? Atatu akwana. Apatseni ana aang'ono, a Sitandade 2 kapena 3, kuti nawo alowe m'bwalo. Koma musasankhe mafunsowa mwachisawawa. Funso lakuti "nyama zinalipo zingati?" ndi losavuta, koma silipita kulikonse. Funso la uchi ndi losavutanso, koma likuika m'manja mwa mwana chinthu chimene adzachifune kutsogoloku. Funso lililonse la pansi likhale ndi mnzake pamwamba amene akulidikira.

Gawo lachiwiri ndi la "chifukwa chiyani," pamene yankho silinanenedwe koma lingapezeke polumikiza zinthu ziwiri. N'chifukwa chiyani nyama zinaika mlonda, Kalulu asanabe n'komwe? Mwana ayenera kukumbukira kuti Kalulu anakana kukumba, n'kuzindikira yekha kuti zinazo sizinakhulupirire zoti ali ndi madzi ake. Lina: n'chifukwa chiyani Kalulu anamulawitsa Fisi uchi pang'ono asanatchule za chingwe? Funso limeneli ndi lokoma kwambiri, ndipo musalithamangire. Mwana wina adzati ankafuna kumukondweretsa. Wina adzati akanayamba ndi chingwe Fisi akanakana. Wachiwiriyu waona momwe chinyengo chimayendera, kuti chimayamba ndi kakang'ono kaulere.

Pano ndi pamene muyenera kuyamba kufunsa kafunso kamene kadzayende nanu mpaka kumapeto: "Waona pati m'nthanomu?" Mwana akanena kuti Fisi ndi wadyera, musavomere msanga ngakhale zili zoona, chifukwa mwana aliyense amadziwa kuti Fisi wa m'nthano ndi wadyera asanamve n'komwe nthano ino. Mufunseni kuti dyeralo laoneka pati. Akati "pamene analola kumangidwa kuti adye uchi," ndiye kuti wayankha kuchokera m'nkhani. Luso lomweli ndi limene amalifuna pa mayeso a MANEB, pamene wophunzira auzidwa kuti afotokoze khalidwe la mpangankhani ndi kupereka umboni wochokera m'nkhani. Ana ambiri amalemba khalidwe n'kusiya umboni, chifukwa sanazolowere kufunsidwa.

Gawo lachitatu ndilo mtima wa phunziro, ndipo lipatseni nthawi yochuluka kuposa ena onse. Apa mwana afananitse ndi kusiyanitsa zigawo za nthano kuti aone chimene chikubwerezedwa. Funso lake lingakhale ili: Fisi ndi Mkango ndi nyama zosiyana kwambiri, koma zinagwa mofanana, zikufanana pati? Ndipo lotsatira: Kamba ali ndi chiyani chimene awiriwo analibe?

Tiyerekeze kuti mwakhala pakhonde, mayi ndi ana awiri, anganga ali chapatali akusenda nyemba. Mnyamata wa Sitandade 5 akuyankha msanga.

"Kamba anali ndi ulimbo, amayi."

"Zoona, anali nawo. Nanga Mkango akanadzipaka ulimbo, Kalulu n'kubwera ndi uchi uja, chikanachitika n'chiyani?"

Mnyamatayo akhala chete, akukanda mwendo. Mlongo wake wa Sitandade 8 akuyang'ana pansi kanthawi.

"Akanadyabe uchiwo. Akanamangidwabe."

"Ndiye chinamupulumutsa Kamba ndi ulimbo, kapena china?"

"Sanayankhule naye. Anangokhala phee. Kalulu analibe pomugwirira."

Taonani chimene mayiyo wachita. Yankho la ulimbo silinali lolakwa, linali losakwanira, ndipo sanalikane. Analitenga n'kulisandutsa funso lina, posintha chinthu chimodzi m'nthano. Njira imeneyi, ya "chikhala kuti," imathandiza nthawi zonse pamene mwana wakakamira pa chinthu chooneka ndi maso: mumachotsa chinthucho, kapena kuchipereka kwa mpangankhani wina, n'kufunsa ngati nkhani ikanasintha. Ikapanda kusintha, ndiye kuti chinthucho sichinali muzu.

Mukafika apa, funsani funso limene limatulutsa mfundo yaikulu popanda kuitchula: chitsime chinaonongeka chifukwa cha ndani? Pafupifupi mwana aliyense adzayamba ndi Kalulu. Dikirani. Ngati magawo apansi anayenda bwino, wina adzati, "komanso Fisi." Akatero, muuzeni anene maganizo akewo m'chiganizo chimodzi chopanda dzina la nyama iliyonse. Chimenechi n'chovuta, ndipo chiganizo choyamba chimatuluka chopunduka, monga "munthu wolondera asamadye zinthu." Chilandireni, mufunse ngati vuto ndi kudya, ndipo mulole achikonze yekha kawiri kapena katatu. Chiganizo chopunduka chimene mwana wachipanga yekha chimakhala m'mutu mwake nthawi yaitali kuposa chosalala chimene mwamuuza. Mwina adzafika pa mfundo yosiyana ndi yanu, monga yakuti wonyozeka ndi amene amapulumutsa mudzi. Ngati angathe kuloza malo atatu, mfundo yakeyo ndi yoona, ndipo musamukokere ku yanu.

Gawo lachinayi limatulutsa nthano m'tchire n'kuibweretsa pamudzi, ndipo lili ndi mafunso awiri okha. Loyamba ndi lofunsa kumene mwana anaonako zotere. Kwathu kuno zitsanzo sizisowa. Pali mjigo umene mabanja amasonkhera ndalama zokonzetsera, ndi komiti yosunga ndalamazo. Pali nkhalango ya m'phiri la Thyolo, imene inali ya tonse ndipo yatha pang'onopang'ono tikuona. Pali mwana woikidwa kulemba maina a olongolola m'kalasi, amene mnzake amamupatsa chigumu kuti dzina lifufutidwe. Chitsanzo chomalizachi ndi chimene ana amachimva msanga, chifukwa mmenemo iwo eni ndiwo Fisi. Pano ikani lamulo limodzi musanayambe: tikambe za zochitika, osatchula maina a anthu a m'mudzi muno. Mukapanda kutero phunziro lisanduka miseche, ndipo mawa mawu a mwana wanu adzamveka pamjigo.

Lachiwiri ndi funso lopanda yankho limodzi, limene ngakhale akuluakulu angasiyanepo maganizo. Pa nthano imeneyi ine ndimasankha ili: Kalulu sanakumbe, koma kunali chilala, kodi nyama zinachita bwino kumumana madzi? Mwambo wathu umati mlendo sam'mana madzi akumwa, komanso umati wokana ntchito ya mudzi asadye thukuta la anzake. Ziwirizi zikulimbana, ndipo mwana ayenera kusankha mbali n'kuiteteza. Akasankha, inu tengani mbali inayo mwaulemu. Akati anayenera kumupatsa, funsani kuti chaka chamawa adzakumba ndani, aliyense ataona kuti wosakumba amamwanso. Akati anachita bwino kumumana, funsani ngati akanalola kuona Kalulu akufa ndi ludzu pafupi ndi madzi. Mwana wamkulu angaonenso kuti Kalulu sanangomwa, anasambamo n'kuvundula, ndipo kumwa ndi kuononga ndi milandu iwiri yosiyana. Akafika pamenepo yekha, phunziro lagwira. Anganga aloleni alowererepo pa funso limeneli, koma ana akatha kunena zawo, chifukwa mawu a munthu wamkulu akatsogola amatseka pakamwa pa onse.

Zimene zimaononga phunziro lotere ndi zochepa, ndipo zimadziwika msanga. Chachikulu ndi kusadikira. Mary Budd Rowe, amene anafufuza za kaphunzitsidwe ku Amereka, anapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi akafunsa funso, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo mayankho a ana amatalika, ngakhale ana ofatsa amayamba kuyankha. Kholo lotopa limafulumira kuposa mphunzitsi. Mukafunsa funso la gawo lachitatu, werengani chamumtima mpaka khumi musanatsegule pakamwa. Mwana akakhala chete akuyang'ana pansi kapena kumwamba, akuganiza, musiyeni. Akakhala chete akuyang'ana nkhope yanu, akufufuza yankho limene mukufuna, ndiye kuti funso lakwera kwambiri. Musamupatse yankho. Tsikani gawo limodzi, mufunse chinthu chimene akuchidziwa, kenako mukwerenso.

China ndi funso lonyamula yankho lake lomwe, monga "Fisi analakwa kulandira uchi, si choncho?" Mwana adzati "eya," ndipo simunadziwe kanthu. Chizindikiro chake n'chakuti mayankho onse akukhala "eya" ndi "ayi." Lisintheni likhale "ukanakhala Fisi, ukanazindikira pati kuti pali msampha?" Chachitatu ndi mwana wamkulu kulanda mafunso onse. Tchulani dzina la woyankha mutatha kufunsa, osati musanafunse, kuti onse aganize, ndipo wamkuluyo muuzeni poyera kuti mafunso ake akubwera kumapeto.

Ngati pakhomo anganga amanena nthano m'Chilomwe, asiyeni anene momwemo, ndipo ana ayankhe m'chiyankhulo chimene chikubwera msanga pakamwa pawo. Chimene mukuphunzitsa ndi kuganiza, ndipo chiganizo chomaliza chija cha mfundo yaikulu ndi chokhacho chimene mungawapemphe kuti achinene m'Chichewa, popeza ndi mmene adzalembere kusukulu.

Mwana akafika ku sekondale, njira yomweyi imagwira pa buku, kungoti simungatenge buku lonse usiku umodzi. Titenge Nthondo, buku la Samuel Josiah Nthara la mu 1933, lonena za mnyamata amene atate ake atamwalira anasanduka wakuba ndi wovuta, napita ku Halale, nabwerera kudzakhala mfumu, ndipo kumapeto anatembenuka mtima n'kulowa Chikhristu. Ngakhale inu simunaliwerenge, mungathe kuthandiza. Mwana awerenge mutu umodzi, akufotokozereni ndi mawu ake buku litatsekedwa, ndipo kufotokozako ndiko gawo loyamba. Kenako inu mufunse chifukwa chimene mnyamatayo anachitira chimene wachita m'mutu umenewo, ndi pamene mwanayo waona umboni. Pa gawo lachitatu afananitse Nthondo wa m'mutu uno ndi wa m'mutu wam'mbuyo: chasintha n'chiyani, ndipo anamusintha ndani? Funso lapamwamba lingakhale lakuti, mwana wamasiye akalowerera, mlandu waukulu uli ndi iye mwini kapena ndi abale amene anamulera? Pa buku mfundo yaikulu simuyenera kuidziwa inu pasadakhale. Mwana alembe chiganizo chake kumbuyo kwa kope akatha mutu uliwonse, ndi nambala za masamba atatu ochirikiza chiganizocho, ndipo aziona ngati chikuimabe pamene nkhani ikupitirira. Chikagwa pa mutu wachisanu, achifufute n'kulemba china pansi pake.

Nthano imodzi pa sabata yakwana. Sabata yotsatira musabweretse yatsopano musanabwerere ku yakale ndi funso limodzi la gawo lachitatu, kuti muone chimene chatsala. Pakatha mwezi, sinthanani ntchito: inu nenani nthano, mwana wamkulu akonze mafunso anayi, limodzi pa gawo lililonse, afunse azing'ono ake. Mudzaona kuti mafunso ake oyamba onse ndi a "ndani" ndi "kuti." Muuzeni asunge limodzi lokha, ndipo enawo awayambe ndi "chifukwa chiyani," "akufanana pati" ndi "kodi anachita bwino."